Ngongole ya 5 peresenti pamwezi: mtengo wake weniweni pachaka ndi wotani?

Zikwangwani zambiri za mabungwe obwereketsa ndalama m'mizinda ya Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba zimatchula nambala imodzi yokha, yomwe ndi chiwongoladzanja cha pamwezi. Munthu akawerenga kuti ngongole ndi ya 5 peresenti pamwezi, amachulukitsa nambalayo ndi miyezi 12 ndi kupeza 60 peresenti pachaka. Ambiri safika n'komwe pochulukitsapo, amangoona kuti K5 pa K100 iliyonse ndi ndalama yochepa.

Koma ngongole yolengezedwa motero ikhoza kudya ndalama zoposa kawiri mlingo wa 60 peresentiwo, wobwereketsayo osanama liwu ngakhale limodzi. Kusiyanaku kumachokera pa zinthu zitatu: momwe chiwongoladzanja chikuwerengedwera, ndalama zomwe zikudulidwa ngongole isanafike m'manja mwa wobwereka, ndi ndalama zomwe bungwe likusunga ngati chikole. Kuti zimveke bwino, titsatira ngongole imodzi yongoyerekeza kuyambira tsiku lolandira mpaka tsiku lomaliza kubweza. Manambala ake ndi achitsanzo chabe, si a bungwe lina lililonse, koma kawerengedwe kake n'komwe aliyense angagwiritse ntchito pa ngongole yake.

Ngongole ya chitsanzo

Tiyerekeze kuti mayi wina wogulitsa kaunjika mumsika wa Limbe akufuna kuonjezera mpamba. Wapita ku bungwe lobwereketsa ndalama ndipo amuvomera ngongole ya K300 000 yoti abweze m'miyezi 6, pa chiwongoladzanja cha 5 peresenti pamwezi. Mlangizi wa ngongole wamuuza kuti azilipira K65 000 pakutha pa mwezi uliwonse.

Nambala ya K65 000 yapezeka motere. Ngongole ya K300 000 yagawidwa m'zigawo 6, ndipo chigawo chilichonse ndi K50 000. Chiwongoladzanja cha 5 peresenti pa K300 000 ndi K15 000. Kuphatikiza ziwirizi ndiye K65 000. Pakutha pa miyezi 6 mayiyu adzakhala atapereka K390 000, kutanthauza kuti chiwongoladzanja chonse ndi K90 000.

Pakumva, palibe chobisika apa. Koma funso lomwe mayiyu sadafunse ndi lakuti 5 peresentiyo ikuwerengedwa pa ndalama iti.

Chiwongoladzanja chosatsika ndi chotsika

Pali njira ziwiri zowerengera chiwongoladzanja. Njira yoyamba, yomwe ogwira ntchito m'mabungwewa amaitcha fulati, imawerengera chiwongoladzanja pa ndalama yonse yomwe munthu adabwereka poyamba, kuyambira mwezi woyamba mpaka womaliza. Njira yachiwiri imawerengera chiwongoladzanja pa ngongole yotsala yokha, choncho chimatsika mwezi uliwonse pamene munthu akubweza. Iyi ndi njira yomwe mabanki akuluakulu amatsata pa ngongole zawo zambiri.

Ngongole ya mayi wathu ili pa njira yoyamba. M'mwezi woyamba ali ndi K300 000 ya eni ake ndipo akulipira K15 000, yomwe ndi 5 peresenti yeniyeni. Akabweza chigawo choyamba, ngongole yotsala ndi K250 000, koma chiwongoladzanja chikadali K15 000. M'mwezi wachinayi watsala ndi K150 000, theka la ngongole, ndipo K15 000 pa ndalama imeneyi ndi 10 peresenti. M'mwezi womaliza watsala ndi K50 000 yokha, koma akulipirabe K15 000, yomwe tsopano ndi 30 peresenti. Mwachidule, mayiyu akulipira chiwongoladzanja pa ndalama zomwe adabweza kale. Zili ngati munthu wochita lendi nyumba ya zipinda 6 amene mwezi uliwonse akubweza chipinda chimodzi kwa mwini nyumba, koma lendi osatsika.

Ngongole yomweyi ikadakhala pa njira yachiwiri, chiwongoladzanja chikadayamba pa K15 000, kenaka K12 500, K10 000, K7 500, K5 000, ndipo mwezi womaliza K2 500. Zonse pamodzi zikadakwana K52 500. Kusiyana kwa K90 000 ndi K52 500 ndi K37 500, pamene zikwangwani za mabungwe awiriwo zikadalembedwa chimodzimodzi kuti 5 peresenti pamwezi.

Kuti ngongole ziwiri zifanizidwe mwachilungamo, akatswiri a zachuma amasandutsa chiwongoladzanja chosatsika kukhala chowerengera pa ngongole yotsala. Amafunsa kuti: ndi mlingo wanji wa pa ngongole yotsala womwe ungachititse munthu wolandira K300 000 kulipira K65 000 kwa miyezi 6? Yankho lake ndi 8 peresenti ndi kanthu pang'ono pamwezi. Tikachulukitsa ndi miyezi 12, tipeza pafupifupi 97 peresenti pachaka, osati 60 ija.

Apa pali lamulo la pamtima lothandiza pamene palibe makina owerengera. Ngongole ikamabwezedwa m'zigawo zofanana, ndalama yomwe munthu amakhala nayo m'manja pa nthawi yonse ya ngongoleyo, tikaisalaza, imangoposa pang'ono theka la yomwe adabwereka. N'chifukwa chake mlingo wa fulati uyenera kuchulukitsidwa kamodzi ndi theka kapena kuposerapo, kuyandikira kawiri, kuti ufanane ndi mlingo wa pa ngongole yotsala.

Zotsatira zake zimadabwitsa ambiri. Bungwe lina litati lipereke K300 000 yomweyo pa 7 peresenti pamwezi, koma kuwerengera pa ngongole yotsala, chiwongoladzanja chonse m'miyezi 6 chingakhale K73 500. Ndalamayi ndi yochepa ndi K16 500 poyerekeza ndi K90 000 ya bungwe lolengeza 5 peresenti. Munthu wongoyang'ana chikwangwani angathawe ngongole yotchipa n'kuthamangira yodula.

Ndalama zodulidwa pachiyambi

Tsiku lolandira ndalama lafika. Mayi uja wasayina fomu ya K300 000, koma zomwe zalowa m'foni mwake ndi zochepera. Bungwe ladula 4 peresenti, yomwe ndi K12 000, ngati ndalama yoyendetsera ngongole. Ladulanso 1 peresenti, K3 000, ya inshulansi yomwe imalipira ngongole ngati wobwereka wamwalira. Zotsala ndi K285 000.

Ndalama zodulidwazi sizitchedwa chiwongoladzanja, choncho sizilowa mu 5 peresenti ya pachikwangwani. Koma kwa wobwereka dzina lake lilibe ntchito, chifukwa ndi ndalama yomwe yatuluka m'thumba mwake kaamba ka ngongoleyo. Ndipo imapweteka pawiri. Poyamba, mtengo wa ngongole wakwera kuchoka pa K90 000 kufika pa K105 000. Chachiwiri, mayiyu akulipira chiwongoladzanja pa K300 000 pamene adagwira K285 000 yokha, ndiye kuti akulipira chiwongoladzanja ngakhale pa K15 000 yomwe sadaione.

Tikabwereza funso lija, tsopano ndi munthu wolandira K285 000 n'kumalipira K65 000 kwa miyezi 6, mlingo weniweni ukufika pafupifupi 9.8 peresenti pamwezi, yomwe ndi 117 peresenti pachaka. Ndalama yodulidwa ya 5 peresenti yokha yakweza mlingo wa pachaka ndi 20 peresenti yathunthu.

Chifukwa chake n'chakuti ndalama yotere imadulidwa pa ngongole iliyonse, osati pachaka. Wochita malonda amene amatenga ngongole ya miyezi 6, n'kutenganso ina akangomaliza yoyamba, amalipira ndalamayi kawiri pachaka. Wotenga ngongole ya miyezi itatu amalipira kanayi. Motero ngongole ikafupika, ndalama yodulidwa pachiyambi imalemera kwambiri pa mtengo wa pachaka, ngakhale pafomu ikuoneka yofanana.

Pa inshulansi pali chowonjezera. Iyo imapatsa wobwereka kanthu, chifukwa banja lake silitsala ndi ngongole iye akamwalira. Komabe ngati munthu sangalandire ngongole popanda kugula inshulansiyo, iyenera kuwerengedwa monga mbali ya mtengo wa ngongole. Ndi bwinonso kufunsa chomwe inshulansiyo imateteza, chifukwa ambiri amaganiza kuti imalipira katundu akabedwa kapena msika ukapsa, pamene kawirikawiri imakhudza imfa ya wobwereka, ndipo nthawi zina kulumala.

Ndalama yosungitsa mokakamiza

Mabungwe ena, makamaka obwereketsa kudzera m'magulu, amafuna kuti munthu asungitse gawo la ngongole ngati chikole. Tiyerekeze kuti kwa mayi wathu gawoli ndi 10 peresenti, K30 000, ndipo adzaitenga akadzamaliza kubweza, yopanda phindu lililonse. Kaya ndalamayi wachita kubwera nayo kuchokera kunyumba kapena aidula pa ngongole, zotsatira zake n'zimodzi: mpamba watsopano womwe angagulire mabelo ndi K255 000.

Anthu ambiri saona K30 000 imeneyi ngati mtengo, popeza imabwerera. N'zoona kuti imabwerera. Koma kwa miyezi 6 mayiyu akulipira chiwongoladzanja pa K300 000 pamene K30 000 ili m'manja mwa yemwe adamubwereketsa. Kunena kwina, akulipira kuti abwereke ndalama yomwe saloledwa kuigwiritsa ntchito. M'mwezi womaliza zimaonekera poyera: ngongole yotsala ndi K50 000, bungwe likusunga K30 000 yake, choncho chomwe ali nacho cha eni ake ndi K20 000 yokha, koma akulipirabe K15 000 ya chiwongoladzanja.

Tikawerengera zonse pamodzi, kulandira K255 000, kulipira K65 000 kwa miyezi 6 ndi kulandiranso K30 000 kumapeto, mlingo weniweni ndi pafupifupi 11.6 peresenti pamwezi, kapena 139 peresenti pachaka.

Palinso kutha mphamvu kwa ndalama. M'chaka cha 2024 mitengo ya zinthu m'dziko muno inkakwera ndi pafupifupi 30 peresenti pachaka, kutsatira kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. M'nyengo yotere, K30 000 yobwezedwa patatha miyezi 6 siingagule zomwe ikadagula tsiku loisungitsa.

Ulendo wa ngongoleyi, kuchoka pachikwangwani kufika pa mtengo weniweni, uli motere:

- Chikwangwani, 5 peresenti kuchulukitsa ndi miyezi 12: 60 peresenti pachaka.
- Poganizira kuti chiwongoladzanja n'chosatsika: 97 peresenti.
- Kuphatikizapo K15 000 yodulidwa pachiyambi: 117 peresenti.
- Kuphatikizaponso K30 000 yosungitsa: 139 peresenti.

Manambala awiri a pachaka

Mlingo wa pamwezi umasandutsidwa wa pachaka m'njira ziwiri, ndipo wowerenga akhoza kukumana ndi zonsezi. Yoyamba ndi yongochulukitsa ndi 12, monga tachitira pamwambapa. Mlingo wa pachaka wophatikiza ndalama zodulidwa umalembedwa nthawi zambiri ndi zilembo za APR.

Yachiwiri imaganizira kuti chiwongoladzanja nachonso chimabala chiwongoladzanja. K100 yobwerekedwa pa 5 peresenti pamwezi, ikasiyidwa osabwezako kanthu, imakhala K105 mwezi woyamba, ndipo mwezi wachiwiri 5 peresenti imawerengedwa pa K105. Pakutha pa chaka imafika pafupifupi K180, kutanthauza 80 peresenti m'malo mwa 60. Pa njira imeneyi, 11.6 peresenti ya mayi uja imapitirira 270 peresenti pachaka.

Manambala onsewa ndi olondola, kungoti akuyankha mafunso osiyana. Chofunika n'chakuti pofanizira ngongole ziwiri, zonse ziwerengedwe m'njira imodzi. N'kofunikanso kukumbukira kuti mabanki amatchula milingo yawo pachaka. Pamene Banki Yaikulu ya Malawi idakweza mlingo wake wa chiwongoladzanja kufika pa 26 peresenti mu Febuluwale 2024, nambalayo idali ya pachaka. Munthu akaika 26 pambali pa 5 n'kuganiza kuti 5 ndiye wotchipa, wafanizira chaka ndi mwezi.

Kubweza pasabata ndi ngongole za masiku ochepa

Ngongole zambiri za m'magulu zimabwezedwa pasabata kapena pa masabata awiri alionse. Pa chiwongoladzanja chosatsika, kubweza pafupipafupi kumakweza mtengo ngakhale ndalama yonse yolipira isasinthe, chifukwa mpamba umachoka m'manja msanga. Mayi uja atati azilipira K16 250 pasabata kwa masabata 24, angaperekebe K390 000 yomweyo. Koma chigawo choyamba chingachoke patangotha masiku 7, belo loyamba lisanathe n'komwe.

Pali kanthu kenanso kobisika m'kawerengedwe ka masabata. Bungwe likamati mwezi ndi masabata anayi, chaka chake chimakhala ndi miyezi 13, popeza chaka chili ndi masabata 52. Masabata 24 si miyezi 6 yathunthu, akuperewera ndi masabata awiri. Wobwereka walipira chiwongoladzanja cha miyezi 6 pa ndalama yomwe wakhala nayo nthawi yocheperapo.

Ngongole za pafoni ndi za katapila zimawerengedwa mosavuta chifukwa zimabwezedwa kamodzi. Tengani ndalama yoonjezera, muione kuti ndi peresenti yanji ya yomwe mwalandira, kenaka muchulukitse ndi kuchuluka kwa nthawi zotere m'chaka. Kubwereka K20 000 n'kubweza K22 000 patatha masiku 30 ndi 10 peresenti, pafupifupi 120 peresenti pachaka. Ndalama yomweyo ikafunika patatha masabata awiri, ndi 260 peresenti pachaka, chifukwa chaka chili ndi nthawi zotere 26. Wakatapila wopereka K100 000 n'kufuna K150 000 pakutha pa mwezi ali pa 600 peresenti pachaka. Nalo gulu la banki mkhonde lomwe lagwirizana 20 peresenti pamwezi lili pa 240 peresenti pachaka, kungoti kumeneko gawo la chiwongoladzanjacho limabwerera kwa mamembala pa tsiku logawana.

Momwe mungawerengere nokha

Kuti mupeze mtengo weniweni wa ngongole, simufunika kudziwa mayina onse omwe bungwe lapatsa ndalama zomwe likudula. Mukufunika manambala anayi okha: ndalama yomwe ifike m'manja mwanu, ndalama ya chigawo chilichonse, kuchuluka kwa zigawo, ndi ndalama yomwe mudzabwezeredwe kumapeto.

Ndi cholembera ndi pepala, yambani ndi kupeza mtengo wonse m'makwacha. Mayi uja apereka K390 000, abwezeredwa K30 000, ndipo adalandira K255 000. Kuchotsera ziwirizi pa K390 000 kukutsala K105 000. Kugawa ndi miyezi 6 ndiye K17 500 pamwezi.

Kenaka pezani ngongole ya pakatikati. Phatikizani ngongole ya mwezi woyamba, K300 000, ndi ya mwezi womaliza, K50 000, mugawe pawiri, ndipo mupeza K175 000. Chotsaniponso K30 000 yomwe bungwe likusunga, kutsala K145 000. Tsopano K17 500 pa K145 000 ndi 12 peresenti pamwezi, pafupifupi 145 peresenti pachaka. Njira ya pamanjayi imakweza yankho pang'ono, koma yafika pafupi ndi 139 peresenti ija, ndipo ndi yokwanira kusiyanitsa ngongole yodula ndi yotchipa.

Amene ali ndi pulogalamu ya Excel kapena Google Sheets pa kompyuta kapena pafoni angapeze yankho lenileni polemba mzere umodzi:

```
=RATE(6,-65000,255000,30000)*12
```

Nambala yoyamba ndi kuchuluka kwa zigawo. Yachiwiri ndi chigawo chilichonse, ndipo ili ndi chizindikiro chochotsera chifukwa ndi ndalama yotuluka. Yachitatu ndi yomwe mwalandira m'manja, ndipo yachinayi ndi yomwe mudzabwezeredwe, yomwe mungaisiye ngati palibe. Yankho likatuluka ngati 1.39, likutanthauza 139 peresenti. Pa ngongole yobweza pasabata, chulukitsani ndi 52 m'malo mwa 12.

Kodi malonda angaikwanitse?

Mlingo wa 139 peresenti pachaka sutanthauza kuti ngongoleyo ndi yosayenera kwa aliyense. Kubwereketsa ndalama zing'onozing'ono n'kodula. Ntchito yofufuza wobwereka, kulemba mafomu ndi kutumiza mlangizi pa njinga yamoto kukatolera zigawo ndi yofanana pa ngongole ya K300 000 ndi ya K30 miliyoni, koma phindu lobwezera ntchitoyo ndi lochepa pa ngongole yaing'ono. Mabungwe ambiri nawonso amachita kubwereka ndalama zomwe amakongoza. Funso la wobwereka ndi lakuti malonda ake angabale zoposa mtengowo kapena ayi.

Kwa mayi wa kaunjika, muyeso woyamba ndi wakuti mpamba watsopano uzibala phindu loposa 11.6 peresenti pamwezi, atachotsa mayendedwe, chiphaso cha mumsika ndi zovala zosagulika. Malonda othamanga, omwe katundu amatha ndi kugulidwanso kawiri kapena katatu pamwezi, akhoza kupyola pamenepa. Malonda ochedwa, kapena ngongole yolipirira fizi ndi lendi yomwe siibala kanthu, sangathe.

Muyeso wachiwiri ndi womwe umagwetsa ambiri. Tiyerekeze kuti K255 000 ikubala 15 peresenti pamwezi, yomwe ndi K38 250. Phinduli likuposa mtengo wa ngongole, koma silikukwana K65 000 ya chigawo. Ndalama yoperewera, K26 750, iyenera kuchoka pa mpamba. Mwezi wachiwiri mpamba wachepa, phindu nalo lachepa, koma chigawo chikadali K65 000. Ngati banja likudyanso pa phindu lomwelo, mpamba umatha ngongole isanathe. Zizindikiro zake zimadziwika: wogulitsa amayamba kugula theka la belo m'malo mwa lathunthu, amatsitsa mitengo sabata yolipira kuti apeze ndalama msanga, ndipo pomaliza amabwereka kwina kuti atseke chigawo. Pofika apa ngongole imodzi yasanduka ziwiri.

Kuchedwa, kufulumira ndi kuonjezera

Manambala onse a pamwambawa akuganizira munthu wolipira pa tsiku lake. Mgwirizano wa ngongole umakhala ndi ndime zina zomwe zimasintha mtengo zinthu zikasintha.

Ndime ya chilango cha kuchedwa iyenera kuwerengedwa mosamala. Chilango chowerengera pa chigawo chomwe chachedwa n'chosiyana kwambiri ndi chowerengera pa ngongole yonse yotsala, ndipo cha patsiku n'chosiyana ndi cha pamwezi. Pa ngongole ya gulu, membala mmodzi akalephera, anzake ndiwo amasonkha, ndipo ndalama yosungitsa ija ikhoza kutengedwa kulipirira ngongole ya wina. Mbiri ya kulephera kubweza imathanso kukafika ku mabungwe osunga mbiri ya anthu pa ngongole, omwe lamulo lake lidakhazikitsidwa mu 2010, ndipo zimenezi zimavutitsa munthu akadzafuna ngongole kwina.

Kubweza msanga nako sikupindulitsa nthawi zonse. Pa njira ya ngongole yotsala, munthu akatseka ngongole m'mwezi wachitatu, chiwongoladzanja cha miyezi yotsalayo chimagwa, pokhapokha ngati mgwirizano uli ndi chilango cha kubweza msanga. Pa fulati, mgwirizano ukhoza kunena kuti K90 000 yonse ilipidwe ndithu. Zikatero, wobweza msanga walipira mtengo wa miyezi 6 pa ndalama yomwe wakhala nayo miyezi itatu.

Ngongole yoonjezera, yomwe ogwira ntchito zolandira malipiro pamwezi amaitanidwira kawirikawiri, ili ndi msampha wake. Tiyerekeze kuti munthu watsala ndi K150 000 ndipo apatsidwa ngongole yatsopano ya K300 000. Bungwe liyamba ladzibwezera K150 000 yakale, kenaka lidula 5 peresenti pa K300 000 yonse, yomwe ndi K15 000. M'manja mufika K135 000 yokha. Ndalama yodulidwayo, poiyerekeza ndi yomwe wagwiradi, yapitirira 11 peresenti, chiwongoladzanja chisanayambe.

Zofunsa musanasayine

Mafunso otsatirawa ndi okwanira kutulutsa manambala onse ofunika, ndipo mayankho ake akhale olembedwa:

1. Kodi chiwongoladzanja chikuwerengedwa pa ndalama yonse yobwereka kapena pa ngongole yotsala?
2. Zonse zikadulidwa, ndi ndalama zingati zomwe zifike m'manja mwanga?
3. Ndidzapereka ndalama zingati zonse pamodzi, m'zigawo zingati, ndipo pa masiku ati?
4. Ndalama yosungitsa idzabwerera liti, ndi phindu kapena ayi, ndipo ingatengedwe pa zifukwa ziti?
5. Ndikachedwa kapena ndikabweza msanga, ndidzalipira zingati?

Pemphani ndandanda wa kabwezedwe wosonyeza mwezi ndi mwezi, wolekanitsa gawo la ngongole ndi la chiwongoladzanja. Ndandandawu umayankha wokha funso loyamba. Ngati nambala ya chiwongoladzanja ili yofanana kuyambira mzere woyamba mpaka womaliza, ngongoleyo ili pa fulati. Ngati ikutsika, ili pa ngongole yotsala. Musangoyang'ana chigawo chonse, chifukwa mabanki amatha kukonza zigawo zofanana ngakhale pa njira ya ngongole yotsala, pochititsa kuti gawo la ngongole lizikwera pamene la chiwongoladzanja likutsika.

M'dziko muno mabungwe obwereketsa ndalama zing'onozing'ono amayendetsedwa ndi lamulo la m'chaka cha 2010, ndipo amayenera kukhala ndi chilolezo chochokera kwa mkulu woyang'anira mabungwe azachuma, yemwe ndi gavanala wa Banki Yaikulu ya Malawi. Wobwereka ali ndi ufulu wofunsa kuti aone chilolezocho. Ngati zomwe zikudulidwa zikusiyana ndi zomwe zili mumgwirizano, dandaulo limayambira ku bungwe lomwelo, ndipo likapanda kuthetsedwa limapita ku ofesi ya mkuluyu. Pofika kumeneko, mgwirizano wosayinidwa, ndandanda wa kabwezedwe ndi malisiti kapena mauthenga a pafoni a chigawo chilichonse ndiwo amakhala umboni, choncho asungidwe mpaka ndalama yosungitsa ija itabwerera.